Oonerera chisankho amangoona, cholembera chili m'manja mwa MEC

Amalawi titavota pa 21 Meyi 2019, sipanapite masiku ambiri magulu a alendo odzaonerera chisankho asanaitane atolankhani. Panali gulu la bungwe la mayiko a ku Ulaya la EU, la Commonwealth lomwe ankatsogolera ndi a Thabo Mbeki, la mgwirizano wa mayiko a mu Africa lomwe ankatsogolera ndi a John Mahama, komanso la SADC. Mawu awo anali ofanana: anthu avota mwabata, ndipo ntchito ya tsiku loponya voti yayenda bwino. Pamene ankanena zimenezi n'kuti zotsatira zisanalengezedwe, mapepala akadali m'njira. Patapita miyezi yoposa isanu ndi itatu, pa 3 Febuluwale 2020, majaji asanu a khothi loona za malamulo oyendetsera dziko anafafaniza chisankho cha pulezidenti chomwechi, ponena kuti zolakwika zake zinali ponseponse, zochitika mwadongosolo komanso zazikulu.

Kuchokera pamenepo anthu ambiri kuno kwathu amati oonerera chisankho ndi alendo ongodzadya ndalama m'mahotela. Mkwiyowo ndimaumva, koma ndikuganiza kuti tinauponya polakwika. Oonerera aja ananena zomwe anaona pa tsiku lovota, ndipo zambiri mwa izo zinali zoona. Chisankho chinaonongeka pambuyo pake, pa mapepala a zotsatira, pamalo pomwe mlendo alibe mphamvu yogwira ngakhale cholembera. Mphamvu imeneyo lamulo linaipereka kwa bungwe limodzi lokha, la MEC. N'chifukwa chake ndikunena kuti palibe gulu la oonerera, likule bwanji, lomwe lingalowe m'malo mwa bungwe loyendetsa zisankho loima palokha.

Kuti timvane bwino, tiyambe ndi zomwe woonerera amachita akafika pa senta.

Amalawirira, chifukwa pali zinthu zomwe zimaoneka kamodzi kokha, voti yoyamba isanaponyedwe. Bokosi liyenera kutsegulidwa n'kuonetsedwa kwa onse kuti mulibe kanthu. Kenako limatsekedwa ndi timaloko ta pulasitiki tokhala ndi manambala, ndipo woonerera pamodzi ndi mamonita a zipani amalemba manambalawo. Madzulo, asanatsegule bokosi, amawayerekeza. Nambala ikasiyana ndiye kuti wina anatsegula bokosilo masana. Amafunsanso kuti mapepala ovotera abwera angati, ndipo nambalayo amailemba, chifukwa masamu onse a madzulo amayambira pamenepo.

Masana amayang'ana zinthu zooneka zazing'ono. Kodi munthu akumuyang'ana chala asanamupatse pepala, kuti aone ngati alibe inki kale? Kodi dzina lake akulifufuza m'kaundula wa ovota n'kulichonga? Kodi malo ochongera aikidwa moti amene ali pamzere kapena wapolisi sangaone pomwe munthu wachonga? Gogo wosaona akafuna thandizo, akumuthandiza ndani: munthu yemwe wamusankha yekha, kapena munthu mmodzi yemweyo akulowa ndi agogo onse a m'mudzimo? Kodi pali wina wovala makaka a chipani pafupi ndi mzere, kapena mfumu yomwe yakhala pampando pakhomo la sukulu n'kumapereka moni kwa aliyense wolowa? Zonsezi woonerera amazichonga pa fomu yokhala ndi mafunso ofanana ndi a anzake onse m'dziko, kuti akaziphatikiza adziwe ngati vuto linali la senta imodzi kapena la chigawo chonse.

Palinso ena ochepa omwe amabwera milungu ingapo tsiku lovota lisanafike n'kukakhala m'maboma. Amenewa amaona ngati misonkhano ya zipani zonse ikuloledwa mofanana, ngati magalimoto ndi ndalama za boma zikugwiritsidwa ntchito pa kampeni, ndipo ena amakhala pansi n'kumawerenga mphindi zomwe wailesi ya boma ikupereka kwa chipani chilichonse. Gulu la EU la 2019 linanenadi poyera kuti bwalo la kampeni silinali lofanana ndipo chipani cholamula chinkapindula ndi zinthu za boma. Mawu amenewa ambiri sitinawamve, chifukwa mitu ya nkhani inatenga mawu oyamikira okhawo.

Koma pali malire, ndipo malirewo ndiwo nkhani yanga. Woonerera saloledwa kulowerera. Akaona cholakwika angathe kufunsa woyang'anira senta mwaulemu ndi kulemba, basi. Sangaimitse kuwerenga, sangalamule kuti awerengenso, sangakane zotsatira. Malamulo omwe mabungwe oonerera zisankho anagwirizana ku bungwe la United Nations mu 2005 amanena zomwezo. Kuonjezera apo, alendowo amakhala ochepa. Mu 2019 masenta anali oposa 5,000, pomwe gulu lililonse la alendo linali ndi anthu makumi angapo, oyenda awiriawiri, okhala pa senta kanthawi kochepa n'kupita pena. Usiku amaona kuwerenga pamalo amodzi okha. Ndipo ambiri amakwera ndege masiku ochepa chisankho chitachitika, nthawi yomwe ntchito yoopsa kwambiri imakhala ikungoyamba.

Ntchito yoopsayo ndi ulendo wa pepala limodzi. Mu 2019 linkatchedwa Fomu 66C, pepala la zotsatira za pa senta. Kumtunda kwake kumalembedwa masamu a mapepala ovotera, kumunsi mavoti a munthu aliyense wopikisana, kenako amasaina woyang'anira senta, yemwe nthawi zambiri amakhala mphunzitsi wamkulu wa pa sukulupo, ndi mamonita a zipani. Monita aliyense amayenera kulandira kope yake, ndipo ina imamatidwa poonekera.

Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti tione momwe pepalali limagwirira ntchito. Tinene kuti pamalo pena palandiridwa mapepala ovotera 800. Madzulo apeza kuti 190 sanagwiritsidwe ntchito, 6 anaonongeka asanaponyedwe ndipo eni ake anapatsidwa ena, 9 apezeka m'bokosi koma ndi mavoti owonongeka, ndipo mavoti abwino ndi 595. Mukaphatikiza 190, 6, 9 ndi 595 mupeza 800. Masamu agwirizana. Tsopano mavoti 595 aja agawanika chonchi: woyamba 310, wachiwiri 205, wachitatu 80. Nawonso akukwana 595. Pepala lotere ndi lathanzi, ndipo woonerera waluso amachita masamuwa yekha pa kope lake aliyense asanasaine.

Tsopano tinene kuti ndi usiku, akuwerenga ndi nyali, anthu sanagone kuyambira dzulo, ndipo mlembi walemba 250 m'malo mwa 205. Mavoti a opikisana akwana 640, pomwe mavoti abwino alembedwa 595. Pali mavoti 45 omwe palibe anawaponya. Cholakwikachi chikaoneka pomwepo, mankhwala ake ndi osavuta: milu ya mapepala ikadali patebulo, mamonita akadalipo, muwerengenso mulu wa wachiwiriyo, mukonze onse akuona, onse asaine. Koma tinene kuti palibe waona. Pepala lapita ku malo ophatikizira mavoti a dera lonse, ndipo kumeneko kompyuta yalikana chifukwa masamu sakugwirizana. Mabokosi atsekedwa, mamonita a pa senta ija ali kunyumba akugona. Wogwira ntchito yemwe akufuna kuti pepala lilowe angathe kufufuta 250 n'kulemba 205, ndipo mwamwayi wakhoza. Koma angathenso kusiya 250 momwemo, n'kukweza mavoti abwino kufika 640, n'kutsitsa mapepala osagwiritsidwa ntchito kuchoka pa 190 kufika pa 145. Phatikizani 145, 6, 9 ndi 640: mupezanso 800. Kompyuta yalandira, masamu ndi oyera, ndipo wachiwiri uja watenga mavoti 45 aulere.

Onani kuti munthu woona mtima wokonza cholakwika ndi munthu wobera amasiya chizindikiro chofanana: dontho loyera la tipeksi ndi nambala yatsopano pamwamba pake. Tipeksi amabisa zomwe zinalembedwa poyamba, moti ngakhale jaji sangathe kusiyanitsa awiriwa pongoyang'ana pepala. Njira yokhayo yodziwira ndi kuyerekeza ndi kope yomwe monita analandira usiku uja, kapena kutsegula bokosi. Ichi ndicho chifukwa chake zotsatira siziyenera kukonzedwa kwina kulikonse kupatula pamaso pa omwe anaziwerenga.

Zomwe khothi linamva kuyambira mu Ogasiti mpaka Disembala 2019, dziko lonse likumvetsera pa wailesi, zinali za mtundu umenewu. Panali mapepala opakidwa tipeksi, yemwe sanali m'gulu la zipangizo zomwe MEC inatumiza. Panali ena osinthidwa ndi cholembera, ena osasainidwa ndi oyang'anira masenta, komanso makope olembedwa kuti ndi makope omwe anagwiritsidwa ntchito m'malo mwa mapepala enieni. A MEC anadziteteza kuti ogwira ntchito ankangokonza masamu kuti agwirizane, osati kusintha mavoti a anthu. Chitsanzo cha pamwambapa chikuonetsa chifukwa chake yankho limeneli silikhutiritsa: masamu a kumtunda ndiwo alonda a mavoti a kumunsi, ndipo ukasintha mlonda kuti agwirizane ndi zomwe wapeza, palibenso chomwe akulondera.

Apa ndi pomwe kuima paokha kwa bungwe loyendetsa zisankho kumayesedwa. Pepala lopakidwa tipeksi likafika ku likulu lophatikizira mavoti, lomwe chaka chimenecho linali ku holo ya COMESA mu mzinda wa Blantyre, pali anthu ochepa okha m'dziko lonse omwe angathe kunena kuti ili sitililandira, bwererani mukatenge lenileni. Amenewo ndi makomishonala. Bungwe la MEC, motsogozedwa ndi a Jane Ansah, linanena lokha kuti linalandira madando 147. Khothi linapeza kuti madandowo sanaunikidwe momwe lamulo limafunira ndipo makomishonala anasiyira ogwira ntchito awo udindo womwe unali wa iwo eni. Pa 27 Meyi analengeza kuti a Peter Mutharika apeza mavoti 38.57 pa 100 alionse, a Lazarus Chakwera 35.41 ndipo a Saulos Chilima 20.24. Kusiyana kwa awiri oyambawo kunali mavoti pafupifupi 159,000. Mukawagawa m'masenta oposa 5,000, ndi mavoti ongopitirira pang'ono 30 pa senta iliyonse, ochepera pa 45 a m'chitsanzo chathu chija.

Wina anganditsutse, ndipo ali ndi mfundo yolemera. Mabungwe a kuno kwathu omwe ali pansi pa mgwirizano wa mabungwe oonerera zisankho wa MESN anachita kuwerenga kwawokwawo mu 2019. Njira yake ndi yakuti amasankha malo ovotera mazana angapo mwa masamu kuti aimire dziko lonse, amaikapo woonerera wokhala tsiku lonse mpaka kuwerenga kutha, ndipo iye amatumiza zotsatira za pamalopo ku likulu lawo osadutsa ku MEC. Zomwe anapeza sizinasiyane kwambiri ndi zomwe MEC inalengeza. Ndiye wotsutsayo anganene kuti tipeksi uja sanasinthe wopambana, ndipo dziko linavutika miyezi yambiri ndi zionetsero pachabe.

Mfundoyi siiyenera kubisidwa, ndipo ndi bwino kukumbukira kuti khothi silinanene kuti a Chakwera ndiwo anapambana mu 2019. Linanena kuti ndi mapepala otere palibe angatsimikize kuti zomwe zinalengezedwa ndizo anthu anasankha. Kuwerenga kwa mabungwe kumapereka chiyerekezo chokhala ndi mpata wolakwa, ndipo mpikisano ukakhala wothina mpatawo umakula tanthauzo. Komanso chiyerekezo si chikalata cha lamulo. Munthu sangalumbiritsidwe chifukwa chakuti bungwe lina lati manambala akuoneka ngati olondola. Wogonja ali ndi ufulu woonetsedwa, senta ndi senta, pepala losainidwa ndi monita wake lomwe likusonyeza kugonja kwakeko. Kupereka umboni umenewo ndi ntchito ya MEC. Ikalephera, ngakhale wopambanadi amaberedwa, chifukwa amalamulira anthu omwe sakukhulupirira kuti anapambana.

Nanga bungwe loima palokha limapangidwa bwanji? Malamulo oyendetsera dziko lino anayesetsa. Gawo 75 limati wapampando akhale jaji wosankhidwa ndi bungwe loona za ntchito za majaji, makomishonala ena asachepere asanu ndi mmodzi, ndipo nduna kapena phungu sangakhale komishonala. Amakhala zaka zinayi. Gawo 76 limati bungweli ligwire ntchito popanda kulamulidwa kapena kusokonezedwa ndi munthu kapena ulamuliro wina uliwonse. Pa pepala zili bwino. Koma makomishonalawo mayina awo amachokera ku zipani zomwe zili ndi mphamvu m'Nyumba ya Malamulo, ndipo wowaika pa udindo ndi pulezidenti, yemwe nthawi zambiri amakhalanso wopikisana nawo. Wowachotsanso ndi yemweyo, komiti ya aphungu yoona za maudindo ikapereka ganizo. Tinaziona mu 2020: komitiyo inafunsa makomishonala mmodzimmodzi n'kunena kuti achotsedwe, koma pulezidenti sanawachotse. A Ansah anadzatula okha pansi udindo mu Meyi, khothi lalikulu la apilo litagwirizana ndi chigamulo cha majaji asanu aja pa 8 Meyi.

Masewera ampira omwe woimbira wasankhidwa ndi timu imodzi, ndipo ndi timu yomweyo ingamuchotse, akhoza kutha bwino ngati woimbirayo ali wolimba mtima, koma palibe wanzeru angakonze ligi modalira mwayi wotero. Ine ndikuona kuti mphamvu yochotsa komishonala yemwe khothi lamupeza wolephera isamathere pa tebulo la munthu yemwe dzina lake lili pa pepala lovotera. Ndikuonanso kuti ndalama za chisankho zizitetezedwa ndi lamulo kuti zifike pa nthawi yake, chifukwa bungwe lodikira chifundo cha nduna ya zachuma kuti lisindikize mapepala ovotera kapena kulipira aphunzitsi ogwira ntchito m'masenta silingakhale lomasuka, ngakhale makomishonala ake atakhala oyera mtima chotani.

Kuima palokha sikutanthauza kuti bungweli lisamafunsidwe. Ena amaganiza choncho, ndipo ndi maganizo oopsa. Ku Kenya mu 2017, khothi lalikulu motsogozedwa ndi a David Maraga linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha pa 8 Ogasiti, ndipo china mwa zomwe zinalikwiyitsa chinali chakuti bungwe la zisankho la kumeneko silinatsatire mokwanira lamulo la khothi loti litsegule makompyuta ake kuti aunikidwe. Kumenekonso alendo oonerera, kuphatikizapo a John Kerry, anali atayamikira tsiku lovota, ndipo vuto linapezeka pa katumizidwe ka mafomu a zotsatira. Bungwe loima palokha ndi lomwe silimvera foni ya ku nyumba ya boma kapena ya ku likulu la chipani chotsutsa, koma limamvera lamulo ndipo mapepala ake ali poyera.

Chomwe chinachitika pa 23 Juni 2020 n'choyenera kuchiganizira mofatsa. Chifukwa cha mliri wa Covid-19, magulu akuluakulu a alendo oonerera sanabwere. Makomishonala atsopano, motsogozedwa ndi a Chifundo Kachale, anali atangokhala pa udindo milungu iwiri ndi masiku ochepa. Koma mamonita a zipani anadikira pa masenta mpaka kulandira makope awo, mawailesi ankaulutsa zotsatira za m'maboma zikamatuluka, mabungwe a kuno kwathu anayang'anira, ndipo bungwe la MEC linkaunika mapepala enieni asanalengezedwe. A Chakwera anapambana ndi mavoti oposa 58 pa 100 alionse. Sindikunena kuti zonse zinali zosalala, ndipo mbali yogonja inadandaula. Koma aphungu ndi anthu wamba a mbali zonse anali ndi manambala omwe akanatha kuwatsata okha. Mu Seputembala 2025 zinthu zinatembenuka: anthu anavota pa 16, bungwe motsogozedwa ndi a Annabel Mtalimanja linagwiritsa ntchito masiku onse asanu ndi atatu omwe lamulo limapereka ngakhale ambiri ankalikakamiza kuti lifulumire, ndipo pa 24 linalengeza kuti a Mutharika apambana ndi mavoti pafupifupi 57 pa 100 alionse. A Chakwera, omwe anali pa mpando, anavomereza. Bungwe limodzi lomwelo lalengeza kugonja kwa pulezidenti wolamula kawiri motsatizana, wa chipani ichi kenako wa chipani icho, ndipo chimenechi ndi chuma chomwe mayiko ambiri otizungulira alibe.

Sindikuti tsono alendo oonerera tiwathamangitse. Malipoti awo omaliza, omwe amatuluka patapita miyezi ndipo owerenga amakhala ochepa, amakhala ndi malangizo atsatanetsatane okhudza kaundula, wailesi ya boma ndi kaphatikizidwe ka mavoti. Kupezeka kwawo kumachititsanso manyazi ena omwe akanachita zachiwawa. Chomwe ndikupempha n'chakuti mawu awo oyamba aja tiziwamva monga momwe alili: lipoti la zomwe aona mpaka tsiku limenelo, osati chidindo cha chisankho chonse. Atolankhani athu aziwafunsa kuti mwafika masenta angati, mwaona kuphatikiza mavoti m'madera angati, ndipo ndani mwa inu atsale mpaka madando onse atayankhidwa. Nawonso alendowo aziika anthu ambiri m'malo ophatikizira mavoti kusiyana ndi m'mizere ya m'mawa, popeza Amalawi kuima pamzere mwabata tinazolowera kuyambira 1993.

Zipani nazo zili ndi gawo lomwe sizingapatse mlendo. Monita ndi yekhayo amene amasaina pepala ndi kulandira kope yomwe khothi lingailandire ngati umboni. Chipani chomwe chimatuma mnyamata wosaphunzitsidwa masamu a pa fomu, osamupatsa chakudya kapena tochi, n'kumusiya achoke dzuwa likangolowa kapena asaine pepala lisanalembedwe manambala, chataya kale mlandu wake chisanapite kukhothi. Ndipo kwa MEC pempho langa ndi limodzi, lomwe lingalembedwe m'lamulo chisankho china chisanafike: chithunzi cha pepala la zotsatira la malo aliwonse ovotera chiziikidwa poyera pa intaneti pasanathe tsiku chilandiridwireni, zotsatira za dziko lonse zisanalengezedwe, kuti monita wa ku Chitipa kapena ku Nsanje athe kuyerekeza ndi kope yomwe ili m'thumba mwake nthawi yodandaula isanathe.